Zotsatira za kalata yanga yodandaula za masiku a tchuthi

Funso langa la mwezi watha linali lakuti: "Kontrakiti yanga yatha, koma pa malipiro omaliza sanaikepo ndalama za masiku a tchuthi amene ndinatsala nawo. Kodi kalata yodandaula ndiilembe bwanji?"

Ndabweranso kudzakudziwitsani mmene zayendera. M'kalatamo ndinatchula ndime ya kontrakiti yonena kuti ndili ndi masiku 24 a tchuthi pachaka, kutanthauza masiku awiri pamwezi. Popeza ndinagwira ntchito miyezi 9, masiku anga anali 18, ndipo nditachotsapo 7 amene ndinapumadi, anatsala 11. Ndinaphatikizapo mafomu a tchuthi osainidwa ndi bwana wanga, ndipo ndinapempha yankho lolembedwa pasanathe masiku 14.

Anandiyankha kuti amavomereza masiku 8 okha. Nditapempha kaundula wawo wa tchuthi, ndinapeza kuti masiku atatu amene ndinadwala anawalemba ngati tchuthi cha pachaka, chikhalirecho kontrakitiyo imasiyanitsa ziwirizi. Mwamwayi ndinasunga kalata ya dokotala, ndipo nditaitumiza pamodzi ndi kalata yachiwiri, anavomereza masiku onse 11.

Chimene sichinathe ndi kawerengedwe ka malipiro a tsiku limodzi. Iwo agawa malipiro apamwezi ndi 30, pamene ine ndikuona kuti ayenera kugawa ndi 22, chifukwa masiku a tchuthiwo amawerengedwa pa masiku ogwira ntchito okha. Kugawa ndi 30 kukundichotsera ndalama zoposa gawo limodzi mwa magawo anayi, choncho sindinasaine chikalata chonena kuti ndalandira zanga zonse.