Zotsatira zoyeza umuna wa bambo aja a jakisoni

Funso langa lija: "Bambo akunyumba akhala akubayitsa jakisoni wa tesitositeroni, homoni yachimuna, kuti akhale adzitho. Kodi n'chifukwa chake sindikuima?"

Zotsatira tazitenga dzulo kuno ku Harare. M'madzi a umuna mbewu n'zochepa zedi, ndipo m'magazi mahomoni awiri, LH ndi FSH, atsikiratu.

Adokotala anajambula papepala mmene zimayendera. Kachigawo ka ubongo kotchedwa haipothalamasi kamatumiza uthenga ku pituwitale, kanthu kangati nsawawa kamene kali pansi pa ubongo, ndiye pituwitaleyo imatulutsa mahomoni awiriwo. LH imauza machende kupanga tesitositeroni, FSH imalimbikitsa maselo olera mbewu. Tsono jakisoni akadzaza tesitositeroni m'magazi, ubongo umangoti yakwana, n'kusiya kutumiza uthenga. Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti m'magazi imakhala yambiri, koma m'kati mwa machende, momwe mbewu zimaifuna yochuluka koposa, imachepa. Machendewo amafika pofota, ine ndimangoti mwina ndi maso angawa.

Jakisoni uja bambo aleka, monyinyirika ndithu. Mbewu imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ipangike, choncho akayezanso pakatha miyezi itatu. Adokotala atichenjeza kuti kwa ena zimatenga chaka kapena kupitirira kuti mbewu zibwerere mwakale.