Ma shifiti odukiza pakati andibalalitsa mutu, maola mumawerenga bwanji anzanga?

Supavaiza Wotopa:
Anzanga ndithandizeni msanga chifukwa rosta ya sabata yamawa iyenera kukhala itamatidwa mawa m'mawa ndipo ma weta anga asiya kundiyankhula bwinobwino. Ndili ndi ma weta 6, lanchi ndi dina kumadzadza koma kuyambira 3 koloko mpaka 6 kumakhala zii, ndiye awiri tsiku lililonse amachita sipuliti, 11 mpaka 3 kenako 6 mpaka 10. Pa rosta ndi maola 8 ndipo eni malo amalipira zomwe zili pa rosta basi. Tsopano mtsikana wina wabwera ndi kope lake momwe wakhala akulemba nthawi, Lachisanu akuti anagwira maola opitirira 11. Analowa 10:30 kudzayala matebulo, tebulo lomaliza la lanchi linanyamuka mochedwa anamaliza kuchotsa mbale 3:40, ali pa buleki manejala anamuitana kuti alandire katundu kuyambira 4:15 mpaka 4:45, anabwerera 5:40 kudzakonza za dina, kutseka 11:10 usiku. Ine ndili pakati, bwana akuti 8 mtsikana akuti 11, ndilembe ziti? Komanso sipuliti imeneyi mumaigawa bwanji kuti asamangolira anthu omwewomwewo

Bambo a Tilu:
Achimwene musavutike, nthawi imene munthu sakugwira ntchito salipidwa. Buleki ndi buleki. Akagone, akachape, zake zimenezo. Mukayamba kulipira maola a pakati mutseka bizinesi.

Mayi Akaunti:
A Bambo a Tilu werenganinso bwino, mtsikanayo sanawerengere buleki ayi. Tiyeni tiwerenge limodzi. 10:30 mpaka 3:40 ndi maola 5 ndi mphindi 10. Kulandira katundu mphindi 30. Kuchokera 5:40 mpaka 11:10 ndi maola 5 ndi mphindi 30. Zonse pamodzi maola 11 ndi mphindi 10, ndipo onsewo ndi a ntchito yeniyeni, manja ali pa mbale kapena pa makatoni. Rosta ndi pulani chabe, imanena zomwe mumafuna zichitike, malipiro amatsata zomwe zachitikadi. Kuyala matebulo ndi ntchito, kupukuta matambula ndi ntchito, kudikira kuti kasitomala womaliza alipire bilu nayonso ndi ntchito.

Chinanso chomwe anthu ambiri sachiona, kuyambira pomwe analowa mpaka pomwe anatuluka komaliza padutsa maola 12 ndi mphindi 40. Nthawi yake yopuma yeniyeni inali mphindi 35 asanamuitane ndi mphindi 55 atamaliza katunduyo. Ndani angapite kwawo n'kubwerako pa mphindi 55? Ndiye muzilemba manambala awiri, maola ogwira ntchito ndi kutalika kwa tsiku lonse, chifukwa chomwe chimatopetsa munthu wa sipuliti kwambiri ndi chachiwiricho.

Shefu Wakale:
Kkkk nkhani imeneyi yandikumbutsa kwina komwe ndinkagwira ndili mnyamata. Buleki inali 3 mpaka 6 koma kuchoka sunkaloledwa ati mwina kubwera gulu la alendo mwadzidzidzi. Tinkagona pa makatoni kuseri kwa khitchini, nsapato osavula, belu likalira dzukani. Mwezi ukatha amvekere maola atatu aja simunagwire ntchito. Mnzanga wina anasinza ataimirira pa fulaya mafuta n'kumuotcha dzanja, mpaka lero chipsera chilipo. Ndiye inu mukamati buleki muzifunsa kaye, munthuyo ali ndi ufulu wotuluka pageti osayankha foni? Ngati alibe imeneyo si buleki, ndi ntchito yodikira.

Bambo a Tilu:
Kudikira si ntchito a shefu. Ine ndanena kale, wosagwira ntchito salipidwa. Ena amakhala dala pamalopo chifukwa kwawo n'kutali, ndiye tiwalipire chifukwa choti akhala pa benchi?

Shefu Wakale:
Wokhala mwa kufuna kwake ndi wina, wouzidwa kuti usachoke ndi wina bambo. Musaphatikize.

Weta Nambala Wani:
Ife kwathu ma tipi timaponya m'bokosi limodzi kenako kugawana mofanana pakutha pa sabata, palibe amadandaula. Yesani zimenezo akulu

Supavaiza Wotopa:
Achimwene sindikufunsa za ma tipi, ndikufunsa za maola. Ngakhale mwandikumbutsa, a sipuliti amagwira nthawi zonse ziwiri zodzadza ndiye ma tipi amapeza ambiri, n'chifukwa chake mmodzi mwa anyamata anga amaifuna sipulitiyo pomwe ena asanu sakuifuna. Mayi Akaunti, ndiye ndipange bwanji kuti bwana asamati mtsikanayo wangolemba za m'mutu mwake?

Mayi Akaunti:
Kusaina kanayi patsiku, osati kawiri. Kulowa, kutuluka, kulowanso, kutulukanso. Kaya ndi buku kaya ndi makina odinda chala, bola nthawi ilembedwe pomwepo osati pakutha pa sabata munthu akukumbukira. Wina akaitanidwa pakati pa buleki ngati zija za katundu, alembe mzere wapadera ndipo amene wamuitanayo asaine pambali, muona kuti mamanejala asiya okha kuitana anthu mwachisawawa akadziwa kuti dzina lawo likhala pamenepo.

Ngati mumaika pa kompyuta, A ndi B chigawo choyamba, C ndi D chachiwiri, nthawi muzilemba ya maola 24 monga 17:40 ndi 23:10:

```
=(MOD(B2-A2,1)+MOD(D2-C2,1))*24
```

MOD imeneyo ndi yothandiza tsiku lomwe mwatseka pakati pa usiku patadutsa, popanda iyo nambala imatuluka ya mainasi. Pa Lachisanu lija ikupatsani 10.67, muonjezere 0.5 ya katundu ikhala 11.17. Apa ndiye samalani, maola 11 ndi mphindi 10 si 11.10 ayi, ndi 11.17, chifukwa mphindi 10 mumagawa ndi 60. Ndaonapo anthu akulemba mphindi 30 ngati 0.30 m'malo mwa 0.5, munthu akuluza mphindi 12 pa hafu iliyonse osadziwa, ndipo wolembayo sikuti akuba, sadziwa basi.

Mlongo wa ku Bala:
Onjezani za kudula mphindi. Komwe ndinali kale ukalowa 10:35 amalemba 10:45, ukatuluka 11:10 amalemba 11:00, mbali zonse ziwiri woluza ndiwe. Ngati mukufuna kuzungulitsa nthawi izikhala mbali zonse mofanana apo ayi ingolembani mphindi zenizeni. Komanso funsani mtsikanayo kuti Loweruka analowa nthawi yanji, ine vuto langa linali limenelo

Supavaiza Wotopa:
Loweruka anali wa bulekifasi, 7 koloko m'mawa.

Mlongo wa ku Bala:
Mwaona? Kutuluka 11:10 kulowa 7, maola 7 ndi mphindi 50, chotsanipo ulendo wopita ndi wobwera, kusamba, kudya, wagona maola angati mwana wa eni ake? Amene watseka asatsegule, ine lamulo langa ndi limenelo basi.

Mkulu wa Hotela:
Pa zomwe anena achemwaliwa, mayiko a mu European Union lamulo lawo limati munthu apume maola 11 otsatizana pa maola 24 alionse, ndipo ine nambala imeneyo ndimaigwiritsa ntchito popanga rosta ngakhale palibe wondikakamiza. Wotuluka 11 usiku asalowe isanakwane 10 m'mawa. Ku New York nako m'malesitanti, tsiku likatalika kupitirira maola 10 kuyambira polowa mpaka potuluka komaliza, buleki yomwe kuwerengera, munthu amaonjezeredwa malipiro a ola limodzi pa mlingo wotsikitsitsa wa boma. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko ndiye onani a komwe muli komanso kontirakiti yomwe anasaina, makamaka pomwe ovataimu imayambira, koma nzeru yake mutha kuibwereka. Maola a buleki simulipira onse, koma mumaikapo kenakake kokhazikika pa sipuliti iliyonse chifukwa mwamudyera tsiku lonse ndipo wina walipira thiransipoti kanayi m'malo mwa kawiri.

Za kugawa, werengani motere. Awiri patsiku, ngati mumatsegula masiku 6 ndiye ma sipuliti 12 pa sabata, anthu 6, aliyense awiri. Palibe chifukwa choti wina achite anayi mnzake ziro. Koma musathere pomwepo chifukwa sipuliti ya Lachiwiri si yofanana ndi ya Lachisanu, ya Lachisanu imatha mochedwa. Ikani anthu awiriawiri, gulu loyamba Lolemba ndi Lachinayi, lachiwiri Lachiwiri ndi Lachisanu, lachitatu Lachitatu ndi Loweruka, sabata yotsatira musunthe gulu lililonse malo amodzi. Pakatha masabata atatu aliyense walawa masiku onse ndipo palibe wachita sipuliti masiku awiri otsatizana, kupatula mukasuntha molakwika wa Loweruka n'kumuika Lolemba, ngakhale apo pali Lamulungu pakati. Mumate pakhoma aliyense aziona yekha.

Bambo a Tilu:
Za ku New York zikutikhudza chiyani ife? Mukayamba kupereka kenakake ka sipuliti mawa aliyense aifuna, mkangano uyambiranso. Ine maganizo anga sanasinthe, wosagwira ntchito salipidwa.

Mkulu wa Hotela:
Akamaifuna ndiye bwino bambo, kusiyana ndi kukakamiza anthu.

Shefu Wakale:
Koma rosta yokongola chonchi imatha tsiku lomwe mmodzi wadwala kkkk. Ndipo chenjerani ndi kusinthana kwa okhaokha, ana amasinthana pa foni osakuuzani, mapeto ake wamanyazi uja ndi amene wasenza ma sipuliti onse a Lachisanu pomwe pepala lanu likuonetsa kuti zonse zili bwino. Kusinthana kulikonse kudutse mwa inu ndipo muziwerenga amene anagwiradi. Mnyamata wanu woifuna uja musamupatse yonse, miyezi iwiri adzakhala atafooka ndipo anzake adzati mukumukondera pa ma tipi.

Mayi Akaunti:
Ine ndingofunsa, ngati tsiku la sipuliti likumatha pa maola 11 nthawi zambiri, sipulitiyo ikukupulumutsirani chiyani? Yesani kuika mmodzi 10:30 mpaka 7 ndi wina 2:30 mpaka 11, aliyense ndi hafu ya ola yopuma, onse maola 8. Vuto lake pa lanchi muchepa munthu mmodzi ndipo 7 ikakwana muchepanso mmodzi, ndiye onani kaye malisiti a masabata angapo kuti matebulo amadzadza nthawi yanji kwenikweni. Mwina mupeza kuti sipuliti ikufunika Lachisanu ndi Loweruka lokha.

Bambo a Tilu:
Ndiye 3 mpaka 6 anthu awiri azingoyang'anana mukuwalipira. Zomwe ndikukana zija.

Mlongo wa ku Bala:
Sayang'anana, amapukuta mafoloko, kupinda ma sevieti, kuwerenga sitoko ndi kulandira katundu yemwe uja munaitanira munthu ali pa buleki

Weta Nambala Wani:
Akuluakulu pepani kudula, makina odinda chala aja kwanu amagwira bwino? Athu amakana zala za otsuka mbale chifukwa zimakhala zitafewa ndi madzi, ndiye amangolembedwa kuti sanabwere

Shefu Wakale:
Alembetseni zala ziwiri, china cha dzanja lamanzere, ndipo buku lisachoke pambali pa makinawo. Magetsi akazima mudzalifuna.