Zija za malipiro a mnzanga: ndinayerekeza molakwika

"Mnzanga wa ntchito yofanana ndi yanga akulandira zambiri kuposa ine. Kodi akundidyera masuku pamutu?" Ndi funso lomwe ndinafunsa mwezi watha.

Ndabweranso kuti ndikuuzeni zomwe ndapeza. Tinakumana ndi mnzangayo ku Chinamwali, aliyense atatenga pepala lake la malipiro. Poyamba ndinkayerekeza ndalama zolowa kubanki, ndipo apo ndi pomwe ndinalakwitsa. Ineyo amandidula ngongole ya SACCO mwezi uliwonse, iye alibe. Msonkho wa PAYE ndi penshoni amatidula tonse.

Titayang'ana malipiro oyambira, asanadule kalikonse, kusiyana kunachepa koma sikunathe. Giredi yathu ndi imodzi, komabe iye ali masitepe awiri pamwamba panga, chonsecho tinalembedwa chaka chimodzi.

Ndandanda wa magiredi womwe abwana anakhoma muofesi umangoonetsa poyambira ndi pothera pa giredi. Susonyeza yemwe ali pa sitepe iti, kapena chifukwa chake. Zimenezo zikundiwawa ndithu.

Lamulo la ntchito la 2000 limati ntchito zolemera mofanana zilipidwe mofanana, mopanda tsankho. Ndalembera a zolemba antchito kuwapempha andifotokozere m'kalata momwe anasankhira sitepe yanga.