Zipilala zozungulira 8, konkire ndiitanitse yochuluka bwanji?

Wa ku Cosmo City: Amisiri anzanga thandizeni msanga. Ndili pa ntchito ku Randburg, khonde la zipilala 8 zozungulira, dayamita 300 mm, kutalika 2.7 m. Ndawerengera ndapeza makyubiki 6.1, bwana akuti ndikufuna kumubera. Oda ya ledimikisi ikufunika lero, tithira Lachisanu. Ndalakwitsa pati?

Madala a ku Roodepoort: Mwaika dayamita pamene pamafunika theka lake, achimwene, n'chifukwa chake yachuluka kanayi. Theka la 300 mm ndi 0.15 m. Tsono:

```
3.14 x 0.15 x 0.15 x 2.7 = 0.191
0.191 x 8 = 1.53
```

Onjezerani 10 peresenti ya yotayikira pansi ndi yotsalira m'wilibala, ikwana 1.7. Zitsulo zam'kati musazichotsere, n'zochepa.

Achimwene a Mayfair: Za 3.14 zisiyeni kusukulu. Ine ndimachitenga ngati cha makona anayi, 0.3 x 0.3 x 2.7 x 8, mupeza 1.94. Itanitsani makyubiki 2 basi. Sindinapereweredwepo.

Madala a ku Roodepoort: Simungapereweredwe, poti mwaonjezera 27 peresenti. Pa zipilala 8 sizioneka, koma pa 40 yotsalayo alipira ndani?

Mayi Folomani: Musanakangane, mukuthira mu chiyani? Ngati ndi paipi ya PVC yolembedwa 315, nambalayo ndi ya kunja, m'kati ndi pafupifupi 300. Lowetsani tepi m'kamwa mwa paipiyo. Mamilimita 15 okhawo amasintha 1.53 kufika 1.68. Komanso pansi mutseke bwino. Ine chaka china paipi inanyamuka titangolowetsa vaibureta, phala lonse linatulukira kunsi, kuvula m'mawa mwake miyala ili mbee ngati chisa cha njuchi. Tinagumula ziwiri.

Mnyamata wa ku Diepsloot: Nanga maenje a maziko? Kwathu tinakumba 600 kwa 600, anadya konkire kuposa zipilala zenizenizo.

Wa ku Cosmo City: Maziko tinathira kale sabata yatha, ndikunena zipilala zokha. Mapaipi ndi a 315, ndikayeza.

Achimwene a Mayfair: Mwaona? Paipi kunyamuka, wina kutaya ndowa. Makyubiki 2, ndanena kale.

Mayi Folomani: Ine nkhawa yanga ndi thiraki. Kukweza 1.7 ndi ndowa pa sikafodi si ntchito ya mphindi 20, dalaivala sadikira mpaka kale, ndipo oda yaing'ono ena amalipiritsa ya pamwamba. Afunseni kaye. Konkire ikayamba kulimba, anyamata amathiramo madzi mwakabisira, mphamvu n'kuthera pomwepo. Bwanji osabwereka mikisala n'kumasakaniza pang'onopang'ono?

Madala a ku Roodepoort: Zitengera zimene injiniya walemba pa pulani. Ngati akufuna konkire ya mphamvu ya 25 MPa ndi makyubu okayezetsa, zosakaniza nokhazo akhoza kuzikana.

Achimwene a Mayfair: Yotsala muthira pa sitepe. Makyubiki 2.