Kodi "too kind" ndi kuyamika kapena kudzudzula?

Amake Tisa: Muli bwanji nonse pa gulu? Odziwa Chingerezi ndithandizeni. Aphunzitsi a mwana wanga wamng'ono asamutsidwa, akupita ku Lundazi, ndiye makolo tasonkha ndalama tagula chitenje ndi kadi. Asankha ine kuti ndilembe mawu. Ndalemba kuti "Madam, you have been too kind to our children." Mkulu wake wa giledi 9 ataona akuti, amama, apa mukuwanena kuti amalekerera ana. Zandiwawa, chifukwa mayi ameneyu ndiye anachititsa kuti mwana wanga adziwe kuwerenga. Komanso ine ndinamva ndi makutu anga mzungu wina kutchalitchi, titampatsa nshawa, akuti "You are too kind" uku akumwetulira. Nanga cholakwa chili pati? Tikutsanzikana nawo Lachisanu.

Wa njinga ku Kapata: Palibe cholakwa amayi. "Too" ndi "very" n'chimodzimodzi, kungoti "too" ali ndi mphamvu. Kuno ku Chipata timati "I like it too much" tsiku lililonse ndipo timamvana.

Aphunzitsi opuma, Katete: Achimwene a njinga, kumvana timamvanadi, koma ndikufunseni za ntchito yanu yomweyo. Munthu wabwera ndi thumba la chimanga la makilo 50. Mukati "This bag is very heavy," mukunena kuti lalemera ndithu, koma mulimanga pakaliyala n'kupalasa. Mukati "This bag is too heavy," ulendo watha, akafune ngolo. N'chifukwa chake kawirikawiri pamabwera mchira wonena chimene chakanika: "too heavy to carry", "too hot to drink".

Chimatisokoneza ndi "kwambiri", amene timamuika paliponse. Komatu ifenso tili nawo mawu a "too": kunyanya. Ndiwo zikakoma kwambiri wophika amakondwa, koma muuzeni kuti mchere wanyanya muone nkhope yake.

Tsono Amake Tisa, mawu anu akhoza kumveka kuti, mwanyanya kukomera ana mtima. Kwa mphunzitsi zimenezi zimabaya, chifukwa kukoma mtima kukanyanya m'kalasi, ana salemba homuweki ndipo palibe owadzudzula. Mwana wanu wamva bwino. Musanalembe "too" muzidzifunsa kuti, chaonongeka n'chiyani? Ngati palibe, lembani "very".

Amake Tisa: Zikomo aphunzitsi, za mchere zandilowa. Nanga mzungu uja ankatidzudzula?

Aphunzitsi opuma, Katete: Ayi amayi. Amenewo ndi mawu aulemu a munthu amene walandira chinthu, monga ife timanenera kuti, mwavutikiranji, zonsezi za ine ndekha? Akudzichepetsa, akuti mwandichitira zoposa zimene ndikuyenera. Zimakoma pakamwa pa wolandirayo. Inu mukunena za mmene amasungira ana chaka chonse, ndiye zikumveka ngati mukuyeza ntchito yawo.

Nyabanda wa ku Petauke: Ine ndimadziwa kuti "too" ndi "nanenso", monga "me too". Kapena mwanayo ndi zimene amatanthauza?

Mnyamata wa pa koleji: Uyo ndi wina anti, amakhala kumapeto: "I am going too." Amake Tisa, musavutike, lembani "kind enough". "Enough" ndi mokwanira, si wochepa si wonyanya. "Too" ndi mawu oipa nthawi zonse, musamamugwiritse n'komwe.

Aphunzitsi opuma, Katete: Mwana wanga, tanthauzo walipeza, koma pakadi usayese. "You have been kind enough" ndi ngati kuuza munthu kuti, mwayesako, zafika pa muyeso basi. Amakoma akakhala ndi chochitika pambuyo pake: "You were kind enough to teach my child after class." Apa ndi ulemu weniweni. Samaliraninso malo ake. Ponena mmene munthu kapena chinthu chilili amabwera pambuyo, "old enough", osati "enough old". Ponena kuchuluka kwa chinthu amatsogola, "enough money". Ndipo "too" si woipa nthawi zonse. Mzungu uja sanalakwe.

Wa njinga ku Kapata: Za thumba ndavomera. Koma Chingerezi cha kuno n'chathu, aphunzitsiwo ndi a konkuno, akanamva kuti akuyamikidwa.

Aphunzitsi opuma, Katete: Mwina akanamva. Koma kadi imasungidwa, ndipo aphunzitsi anzawo adzaiwerenga. Pamayeso "too much" wanuyo ndinkamudula ndi cholembera chofiira.

Amake Tisa: Ndagula kadi ina. Ndilemba "Madam, you have been very kind to our children," kenako pansi ndiika uja wa "kind enough to teach my child after class", chifukwa anachitadi zimenezo temu yonse osalandira ngakhale ngwee imodzi. Ziwirizi zingakhale pakadi imodzi, kapena "kind" achuluka?