Yankho lapezeka: nambala za negetivu mu (I − A)⁻¹

Funso langa linali lakuti: "Pa modelo ya magawo awiri, ulimi wa chimanga ndi zigayo za kuno ku Chipata, n'chifukwa chiyani zigayo zikutuluka −300?"

Zikomo kwambiri nonse amene munayankha. Ndinatsata malangizo a aphunzitsi aja amene anati ndionenso I. Mu Excel ndinali nditalemba `1-B2:C3` m'malo mwa I − A, koma iyi imachotsa nambala iliyonse pa 1, pomwe I ili ndi 1 pa dayagonolo pokha, kwina konse ndi 0.

Nambala zake ndi zophunzirira chabe, m'masauzande a kwacha. A, yomwe imasonyeza zomwe gawo lililonse limagwiritsa ntchito popanga katundu wa kwacha imodzi, ili mu B2:C3 ndi mizere (0.2, 0.4) ndi (0.1, 0.2), ndipo ogula akufuna d = (60, 30), yomwe ili mu E2:E3. I − A yolondola ndi (0.8, −0.4) ndi (−0.1, 0.8), ditaminanti yake 0.64 − 0.04 = 0.6.

```
=MMULT(MINVERSE(MUNIT(2)-B2:C3),E2:E3)
```

Tsopano ulimi watuluka 100, zigayo 50. Potsimikiza: pa 100 ya ulimi, 20 imabwerera ku ulimi womwewo monga mbewu, 20 imapita ku zigayo, yotsala ndi 60 ndendende.

Kwa amene mudzakumana nazo: phatikizani kolamu iliyonse ya A. Zonse zikakhala m'makwacha ndipo kolamu iliyonse sikufika 1 (apa 0.3 ndi 0.6), (I − A)⁻¹ singakhale ndi negetivu. Ikaoneka, cholakwika chili mu fomula.