Ndikupempha thandizo pa maloto oopsa omwe akubwerabwera

Abale ndi alongo, ndine mayi wa zaka 41 wa kuno ku Chipata. Chichitikireni ngozi ya basi yomwe ndinakwera pa msewu wa ku Lundazi chaka chatha, ndimalota maloto amodzimodzi katatu kapena kanayi pa sabata. Ndimaona basi ikupendekeka, zitseko zikukana kutseguka, kenaka ndimadzidzimuka cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda ngati ng'oma.

Namwino wina anandiphunzitsa njira yosintha malotowo. Ndimalemba malotowo masana, n'kusintha nkhani yake kuti isakhale yoopsa, kenaka ndimatseka maso n'kumaona nkhani yatsopanoyo m'maganizo kwa mphindi 10 mpaka 20 tsiku lililonse. Ine ndinalemba kuti basi yaima bwinobwino ndipo tonse tatsika kukagula nthochi. Koma patha masabata awiri, ndipo ndikangofika pa chitseko chija, chithunzi chakale chimabwerera, manja n'kuyamba kunjenjemera. Inu amene munayesapo njirayi, kodi ndiyambe ndi maloto ena osaopsa kwambiri, kapena ndilembe nkhani yomwe mulibe basi n'komwe? Nanga munaona kusintha patapita masabata angati?

Chinanso n'chakuti malotowa anachuluka nditayamba kumwa propranolol chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Sindisiya mankhwalawa pandekha, chifukwa kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa ku mtima. Kodi alipo amene adokotala anamusinthira mankhwala otere, maloto n'kuchepa?